Munda wosafanana ndi kaiti, koma fomula ya kaiti ikugwira

*"Alamu anga akufuna kundibwereketsa kamunda kawo ku Chamama kuno ku Kasungu. Kali ndi makona anayi koma mbali zake n'zosiyana: pozungulira tinapeza mamita 25, 52, 60 ndi 39. Titakoka tepi modutsa pakati, kuchoka pa kona kukafika pa kona yoyang'anizana nayo, tinapeza mamita 63, kwinako 56. Iwo akuti ndi pafupifupi theka la ekala. Mwana wanga wa fomu 3 akuti pali fomula ya kaiti, koma akukayika poti mundawo sukuoneka ngati kaiti. Zoona zake ndi ziti?"*

Mayi, mwana wanuyo asakayike. Fomulayo igwira ntchito pa mundawu, ndipo ikutipatsa masikweya mita 1,764. Ekala imodzi ndi masikweya mita pafupifupi 4,047, kotero mundawo ndi 0.44 ya ekala. Theka la ekala likanakhala 2,023, ndiye sunafikepo. Koma sindikufuna mungotenga nambalayi kwa ine ngati mankhwala akuchipatala, chifukwa munda wina womwe mudzayeze mawa fomula yomweyi ikhoza kukunamizani kwambiri. Chofunika n'kudziwa chomwe chimaipangitsa kugwira.

Tiyambe tapatsa makonawo mayina kuti tisasokonezane. Tiwatchule A, B, C ndi D mozungulira, mwakuti kuchoka pa A kukafika pa B ndi mamita 25, B mpaka C ndi 52, C mpaka D ndi 60, ndipo D kubwerera pa A ndi 39. Miyezo iwiri yodutsa pakati ija kusukulu amaitcha madayagonolo. Ine ndizingoti zingwe zapakati, popeza kumunda timachitadi kukoka chingwe. Malinga ndi manambala anu, chingwe cha A mpaka C ndiye cha mamita 63, ndipo cha B mpaka D ndi cha 56. Fomula yomwe mwanayo akunena ndi iyi:

eriya = ½ × d₁ × d₂

Apa eriya ndi kukula kwa munda, ndipo d₁ ndi d₂ ndi kutalika kwa zingwe ziwirizo. Ndiye 63 kuchulukitsa ndi 56 ndi 3,528, theka lake 1,764.

M'mabuku fomulayi imakonda kulembedwa pansi pa chithunzi cha kaiti, n'chifukwa chake ana amaganiza kuti ndi ya kaiti yekha. Si choncho. Fomulayi ilibe nazo ntchito zoti mbali zikufanana kapena ayi. Imafuna chinthu chimodzi chokha: pomwe zingwe ziwirizo zadutsana, zidutsane pa madigiri 90, zomwe amisiri omanga nyumba amati sikweya. Kaiti amangokhala mmodzi mwa maonekedwe omwe ali ndi khalidwe limeneli chibadwire.

Onani chifukwa chake ndi munda wanu womwewu. Chingwe cha A mpaka C chaudula mundawo pawiri, mbali ina kwatsala thirayango yokhala ndi nsonga pa B, mbali inayo thirayango yokhala ndi nsonga pa D. Onse awiri atsamira pa tsinde limodzi la mamita 63. Kukula kwa thirayango ndi theka la tsinde kuchulukitsa ndi msinkhu, ndipo msinkhuwo umayezedwa molunjika, kuchoka pa nsonga kugwera pa tsinde mwa sikweya. Tsono ngati chingwe chachiwiri chadutsa choyambacho mwa sikweya, ndiye kuti chingwecho chikuyenda mu msinkhu wa mathirayango onse awiri. Chidutswa chake china ndi msinkhu wa uyu, chotsalacho ndi msinkhu wa winayo. Mukapita kukayeza pomwe zingwe zanu zadutsana, pamene titchule kuti O, mupeza kuti kuchoka pa B kufika pa O ndi mamita 20, ndipo O mpaka D ndi 36. Thirayango yoyamba ndi theka la 63 × 20, yomwe ndi 630. Yachiwiri ndi theka la 63 × 36, yomwe ndi 1,134. Kuphatikiza, 1,764.

Taonani kuti 20 ndi 36 akaphatikizana akubweza 56 yemwe uja. Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Zikanakhala 10 ndi 46, kapena 28 ndi 28, yankho silikanasintha, chifukwa pamapeto pake misinkhu iwiriyo timaiphatikiza n'kukhala chingwe chathunthu. N'chifukwa chake fomulayi siifunsa kuti zingwe zadutsana pati.

Ana ndimawaonetsa ndi timitengo tiwiri, ngati tomwe amamangira kaiti wa jumbo nthawi ya mphepo. Tengani kamtengo kakatali ndi kakafupi, mutipingase ngati mtanda, muzungulize ulusi m'nsonga zinayizo. Mukaika kakafupiko mwakuti pakati pake penipeni pagona pa kakataliko, mwapanga kaiti. Mukakatsetsereza kumanzere pang'ono, osakapendeketsa, ukaiti watha, mbali zonse zinayi zasiyana ngati munda wa alamu anu, koma pepala lofunika kuphimba mkati mwa ulusiwo likhala lofanana ndi poyamba. Ulusi wozungulira ndiye umasintha kutalika. Mkati simusintha.

Palinso njira ina yoonera komwe theka lija likuchokera, ndipo ndiyo ndimaikonda chifukwa munthu akaiona saiwalanso kugawa pawiri. Jambulani rekitango yozinga mundawo, mbali zake zoyenda motsatana ndi zingwe ziwiri zija, yokhudza makona onse anayi. Rekitango imeneyo ndi ya 63 m'litali, 56 m'lifupi, ndiye 3,528 uja. Zingwe ziwirizo zaigawa kukhala tizipinda tinayi, ndipo m'kachipinda kalikonse malire a munda akudutsa mopingasa kuchoka pa kona kufika pa kona, theka mkati mwa munda, theka kunja. Popeza A mpaka O ndi mamita 15 ndipo O mpaka C ndi 48, kachipinda ka 15 ndi 20 kamapereka 150 kumunda, ka 20 ndi 48 kamapereka 480, ka 48 ndi 36 kamapereka 864, ndipo ka 36 ndi 15 kamapereka 270. Zonse pamodzi 1,764 kachiwiri. Woiwala theka amakhala wayeza rekitango yonse, minda ya anansi ili momwemo, n'kunena kuti munda ndi 0.87 ya ekala.

Mwina mukudabwa kuti ine, wosapondako ku Chamama tsiku munkayeza lija, ndadziwa bwanji kuti zingwe zanu zinadutsana mwa sikweya. Mbali zinayi zija ndi zomwe zandiuza. Pali kayesedwe kosavuta komwe sikafuna chida chilichonse choyezera madigiri. Tengani mbali ziwiri zoyang'anizana, iliyonse muichulukitse ndi iyo yomwe, muphatikize. Chitani chimodzimodzi ndi ziwiri zinazo.

25² + 60² = 625 + 3,600 = 4,225

52² + 39² = 2,704 + 1,521 = 4,225

Mayankho awiriwa akafanana, zingwe zapakati zimadutsana pa madigiri 90. Akasiyana, sizidutsana choncho. Lamuloli limagwira uku ndi uku, ndipo gwero lake ndi lamulo la Pythagoras lomwe mwana wanu analiphunzira kale, loti mu thirayango ya sikweya mbali yaitali ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe, imafanana ndi mbali ziwiri zinazo zitachulukitsidwa chimodzimodzi n'kuphatikizidwa. Pamphambano O pali mathirayango anayi a sikweya. Mbali ya 25 ndi mbali yaitali ya thirayango ya 15 ndi 20, pamene ya 60 ndi ya thirayango ya 48 ndi 36. Mukaphatikiza 25² ndi 60² ndiye kuti mwaphatikiza 15², 20², 48² ndi 36², zidutswa zonse zinayi kamodzikamodzi. Mbali ya 52 ndi ya 20 ndi 48, ya 39 ndi ya 36 ndi 15, ndiye mwaphatikizanso zidutswa zinayi zomwezo, kungoti mwazisanja mosiyana. Sizingalephere kufanana.

Chenjezo pang'ono apa: mbali zake zikhale zoyang'anizanadi. Munachita bwino kulemba manambalawo motsatana ndi mmene munkazungulirira munda. Anthu ambiri amandibweretsera manambala anayi osasanja, yaikulu poyamba yaing'ono pomaliza, ndipo pamenepo sitingadziwe kuti iti ikuyang'anizana ndi iti.

Kunena zoona, manambala anu agwirizana bwino kuposa mmene zimakhalira kawirikawiri kumunda. Nthawi zambiri pamakhala kusiyana pang'ono, ndipo si chifukwa chotayira fomula. Tiyerekeze kuti mbali ya 60 ija munaiwerenga 61. Mukanapeza 4,346 uku, 4,225 uku, kusiyana kwa 121. Kuti mudziwe ngati kusiyanako n'kodetsa nkhawa, kuyerekezeni ndi 3,528, zomwe zimatuluka mukachulukitsa zingwe ziwiri zija. Ngati kusiyanako sikunapose gawo limodzi mwa magawo asanu a nambala imeneyo, kutanthauza pafupifupi 700 pa munda uno, fomula ya theka ilakwitsa ndi theka la peresenti basi, masikweya mita osaposa 9. Ndiye 121 si kanthu.

Izi zimadabwitsa anthu, koma fomulayi ndi yopirira kwambiri pa kupendekeka kwakung'ono. Fomula yathunthu, yogwira pa chilichonse cha makona anayi, ndi iyi:

eriya = ½ × d₁ × d₂ × sin θ

θ ndi madigiri a pomwe zingwe zadutsana, ndipo sin θ ndi nambala yomwe kakyuleta amapereka pa madigiri amenewo. Pa madigiri 90, sin θ ndi 1, n'chifukwa chake saoneka m'fomula ya kaiti. Pa madigiri 85 ndi 0.996, pa 80 ndi 0.985. Ndiye zingwe zanu zikanadutsana pa madigiri 80, kupendekeka koti diso likhoza kukuona, munda ukanachepa ndi masikweya mita 27 okha. Yerekezani ndi kulakwitsa tepi: mukaphonya mita imodzi pa chingwe cha 63, yankho limasuntha ndi masikweya mita 28, ndipo mukaiphonya pa cha 56 limasuntha ndi 31 ndi theka. Mita imodzi ya tepi ikulemera mofanana ndi madigiri khumi athunthu. Ine ndikamayeza munda, nthawi yanga yambiri ndimaithera pa kukoka tepi bwino, osati pa kulimbana ndi sikweya.

Koma kupirirako kuli ndi malire, ndipo kukatha kumatha msanga. Pa madigiri 70 mwataya kale 6 pa 100 iliyonse, pa 60 mwataya 13, pa 30 mwataya theka lonse. Chitsanzo chomwe chimawatsegula maso ana ndi cha minda itatu yomwe zingwe zake zapakati zonse ndi mamita 50 ndi 50. Woyamba ndi wa mbali zinayi zofanana ndi makona a sikweya, ndipo fomula ya theka ikupereka 1,250, zomwe n'zoona. Wachiwiri ndi rekitango ya 30 ndi 40. Zingwe zake ndi 50 ndi 50, koma kukula kwake ndi 1,200. Wachitatu ndi kamunda kowonda ngati ta m'mbali mwa dambo, mamita 14 m'lifupi, 48 m'litali. Zingwe zake nazonso ndi 50 ndi 50, koma kukula kwake ndi 672 basi. Wogwiritsa fomula ya kaiti pa kamunda kachitatuka akulipitsani pafupifupi kawiri. Onaninso kuti rekitango ili ndi makona anayi a sikweya m'mphepete, koma zimenezo sizithandiza. Sikweya yomwe fomulayi ikufuna ndi ya pakati, pamphambano ya zingwe. Ana ambiri amagwa pamenepa, amaona kabokosi ka madigiri 90 pa kona ya chithunzi n'kuthamangira theka la madayagonolo.

Dziwaninso kuti fomula ya theka ikalakwa, imalakwa mokuza nthawi zonse. Siingachepetse munda, chifukwa sin θ sapitirira 1. Inu obwereka ndi amene muyenera kuikayikira, osati mwini munda.

Tsopano za alamu anu. Sindikuganiza kuti akufuna kukuberani. Ndikuganiza kuti achita zomwe anthu ambiri amachita: kutenga mbali ziwiri zoyang'anizana n'kupeza nambala ya pakati pake, kutero ndi ziwiri zinazo, kenako n'kuchulukitsa ngati munda ndi rekitango. Pakati pa 25 ndi 60 ndi 42.5, pakati pa 52 ndi 39 ndi 45.5, ndipo zikachulukitsidwa zimapereka pafupifupi 1,934. Imeneyo ndi 0.48 ya ekala, yomwe munthu aliyense angaitchule kuti pafupifupi theka. Njirayi ndi yakalekale. Inalembedwa ngakhale pa makoma a kachisi wa ku Edfu ku Iguputo zaka zoposa 2,000 zapitazo, poyeza minda ya kachisiyo. Vuto lake n'lakuti imalondola pa rekitango yokha. Pa china chilichonse cha makona anayi imakuza, ndipo munda ukapendekeka kwambiri imakuzanso kwambiri. Chifukwa chake n'chakuti mbali yopendekeka imakhala yaitali kuposa mtunda wolunjika wa pakati pa malire awiri, ndiye mukaitenga ngati mulifupi mwa munda mwawonjezera malo omwe kulibe.

Pa munda uno yawonjezera masikweya mita 170, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Sindikudziwitsani mtengo wa lendi, mukambirana nokha pachibale, koma tingoyerekeza kuti mwagwirizana K100,000 pa ekala. Pa 1,764 mulipira pafupifupi K43,600, pa 1,934 mulipira K47,800, ndipo mukangovomera kuti ndi theka, K50,000. Ku mbewu nakonso zimaoneka. Mukabzala chimanga pa mizere yotalikirana masentimita 75, phando lililonse masentimita 25, mbewu imodzi paphando, sikweya mita iliyonse imatenga mapando asanu ndi kachidutswa. Masikweya mita 170 amenewo ndi mapando pafupifupi 900 omwe mungawawerengere mbewu ndi feteleza koma kulibe powabzala.

Ngati mukufuna kuti alamuwo aone ndi maso awo, osangomva za masamu a mwana wasukulu, pitani nawo kumunda ndi zikhomo ndi zingwe ziwiri. Khomani chikhomo pa kona iliyonse, ndipo mugwirizane kaye kuti kona ili pati, chifukwa mikangano yambiri ya miyezo imakhala ya chikhomo osati ya fomula. Kokani chingwe A mpaka C, china B mpaka D, zonse zolimba. Pomwe zadutsana khomani chikhomo chachisanu. Kuchoka pamenepo yezani mamita 3 motsata chingwe chimodzi muike chizindikiro, mamita 4 motsata chinacho muikenso chizindikiro, kenako yezani pakati pa zizindikiro ziwirizo. Pakakhala mamita 5, ndi sikweya. Amisiri amachita zomwezi poyala maziko a nyumba. Musade nkhawa mukapeza 5.1 kapena 4.9, kumeneko ndi kupendekeka kwa madigiri awiri kapena atatu, kosasintha kanthu. Bola zili pakati pa 4.6 ndi 5.4, simunapitirire madigiri khumi aja. Zikatuluka kunja kwa pamenepo, isiyeni fomula ya theka.

Poyeza zingwe zazitalizo ndi pomwe muyenera kusamala. Tepi zambiri ndi za mamita 30 kapena 50, ndiye 63 munayeza kawiri kapena katatu molumikiza. Polumikizapo ndi pomwe mita imasowera kapena kuwonjezekera, makamaka ngati wogwira tepi wapatuka pa mzere wolunjika. Yezani motsata chingwe chokokedwa kale, ndipo polumikiza pazikhala chikhomo, osati phazi la munthu. Tepi isakwere ndi kutsika m'mizere ya chaka chatha, ikokedwe pamwamba pake. Ikakwera chulu, yawonjezera. Chingwe cha nayiloni chimatamuka, ndiye chigwiritseni ntchito posonyeza njira yokha, muyezo uzichokera pa tepi. Zingwe zonse ziwiri zikatalika ndi 2 pa 100, munda umakula ndi 4 pa 100, chifukwa zolakwazo zimachulukitsana. Za kutsetsereka kwa malo sindikuda nazo nkhawa kwenikweni, minda yambiri ya ku Kasungu ndi yathyathyathya, koma pamalo otsetsereka tepi iyenera kugwidwa mopingasa bwino, osati kugonekedwa motsata chitunda.

Nanga mukapeza munda womwe zingwe zake sizikudutsana mwa sikweya? Simufunika sin θ kumunda. Bwererani ku mathirayango awiri aja. Kokani chingwe chimodzi chokha, chachitalicho. Wina agwire tepi pa kona B, inu muyende nayo m'mbali mwa chingwecho uku ndi uku mpaka mutapeza pomwe tepi ikuwerenga nambala yochepetsetsa. Umenewo ndiye msinkhu woona. Chitani chimodzimodzi kuchoka pa D. Phatikizani misinkhu iwiriyo, chulukitsani ndi chingwe, gawani pawiri. Kusiyana kwake n'kwakuti mapazi a misinkhu iwiriyo sagwera pamalo amodzi. Akagwera pamalo amodzi, ndiye kuti mwabwerera ku munda wonga wa alamu anu. Njira zonsezi zimatenga malire ngati mizere yowongoka kuchoka pa chikhomo kufika pa chikhomo. Ngati malire ena akukhota motsata njira kapena khwawa, kachigawo kotuluka kapena kolowa kayezedwe pakokha.

Ndilankhuleko ndi mwana wa fomu 3 uja, poti mayeso akumudikira. Iwe, kaiti pamasamu ndi chinthu cha mbali zinayi chomwe mbali ziwiri zogundana n'zofanana, ndipo ziwiri zinazo n'zofanananso. Munda uwu suli choncho, unaona bwino. Chomwe chimapangitsa kaiti aliyense kukhala ndi sikweya pakati ndi ichi: nsonga ya kumutu ili pa mtunda wofanana kuchoka ku mapiko awiri, ya kumchira nayonso chimodzimodzi. Ukampinda kaiti motsata mzere wa mutu ndi mchira, phiko limagwera pa phiko linzake ndendende. Ndiye mzere wolumikiza mapikowo wadulidwa pakati penipeni, ndipo ma ango awiri a pamphambano, omwe pamodzi ndi madigiri 180, agonana n'kufanana, aliyense 90. Kayesedwe ka mbali zoyang'anizana kaja kamavomerezanso, chifukwa gulu lililonse limakhala ndi mbali imodzi yaifupi ndi imodzi yaitali. Rombasi ndi kaiti wa mbali zonse zofanana, ndiye fomula imagwira. Imagwiranso pa chinthu cha mbali zinayi zofanana ndi makona a sikweya, pomwe zingwe n'zofanana ndipo yankho limangokhala theka la d².

Pamayeso kawirikawiri sakupatsa madayagonolo onse awiri. Akhoza kukupatsa kaiti wa mbali zazifupi masentimita 30, zazitali 74, ndi dayagonolo ya mapiko 48. Usachulukitse 30 ndi 74. Zimenezo zimapereka 2,220, yankho looneka ngati labwino koma lolakwa, ndipo zimalondola pokhapokha mbali yaifupi ndi yaitali zikakumana pa madigiri 90 kumapiko. Yamba wagawa 48 pawiri, upeza 24. Kumutu kuli thirayango ya sikweya yomwe mbali yake yaitali ndi 30 ndipo ina ndi 24, ndiye yotsalayo ipezeka pochotsa 576 pa 900, kutsala 324, yemwe ndi 18 × 18. Kumchira chotsa 576 pa 5,476, kutsala 4,900, yemwe ndi 70 × 70. Dayagonolo yaitali ndi 18 kuphatikiza 70, ndiye 88. Theka la 48 × 88 ndi masikweya sentimita 2,112. Cholakwa chomwe ndimachiona kwambiri pochonga n'chakuti mwana akagwiritsa 24 mu Pythagoras amamutenganso 24 yemweyo kupita naye m'fomula, n'kupeza 1,056. Theka wagawa kawiri. M'fomula mumalowa dayagonolo yathunthu, 48.

Pali kaiti wina yemwe mabuku ena amangomudumpha: yemwe mutu wake walowa mkati, wooneka ngati nsonga ya muvi. Tenga manambala omwewo, 30, 74 ndi 48, koma nsonga ya kumutu uikankhire mkati, kumbali ya mchira. Mbali sizinasinthe, mapiko akadali motalikirana 48, koma mtunda wa mutu ndi mchira tsopano ndi 70 kuchotsa 18, ndiye 52. Mzere wa mapiko uli kunja kwa chithunzi, ndipo madayagonolo sakudutsana pokhapokha utatalikitsa umodzi. Ukautalikitsa, akumana mwa sikweya, ndipo fomula ikugwirabe: theka la 48 × 52 ndi 1,248. Utha kutsimikiza wekha. Thirayango yaikulu ya mapiko ndi mchira ndi theka la 48 × 70, yomwe ndi 1,680. Kachigawo kolowa mkati ndi theka la 48 × 18, komwe ndi 432. Pa kaiti wamba timaphatikiza n'kupeza 2,112, pa wa muviyu timachotsera n'kupeza 1,248. Mbali zinayi zomwezo, dayagonolo ya mapiko yomweyo, koma mayankho awiri osiyana kwambiri. Ndiye funso likabwera ndi chithunzi, uyambe wayang'ana komwe mutu waloza usanagwire kakyuleta.

Mayi, zimenezi zimachitikanso kuminda, pomwe kona imodzi yalowa mkati chifukwa cha chulu chachikulu kapena munda wa mnansi. Chizindikiro chake n'chakuti pokoka chimodzi mwa zingwe zapakati mumapezeka mukuponda m'munda mwa eni ake. Pa munda wa alamu anu sizili choncho: 15 ndi 48 akuphatikizana kukhala 63, ndipo 20 ndi 36 akukhala 56, kusonyeza kuti mphambano ili mkati mwa munda. Mukakhoma chikhomo chachisanu chija, yezani kuchoka pamenepo kukafika pa A. Mukapeza mamita 15 kapena pafupi ndi pamenepo, miyezo yanu isanu ndi umodzi ija ndi yoona, ndipo mukhoza kukambirana za lendi pa masikweya mita 1,764.